Mpweya wa mabuleki ukuchedwa kudzaza

“Lole yanga ikuchedwa kudzaza mpweya wa mabuleki, ndiyambire pati?”

Konzani miyala yotchingira matayala, wotchi ndi madzi a sopo.

1. Tsegulani mavavu apansi pa matanki a mpweya. Mafuta akatuluka ambiri, kompuresa yatha.
2. Dzazani mpweya, zimitsani injini, masulani buleki yoimikira. Geji isatsike kuposa 2 psi pa mphindi imodzi. Ikaposa, pakani sopo polumikizira mapaipi, ndipo pochita thovu ndiye pakutuluka mpweya.
3. Lizani injini mothamanga. Geji ikwere kuchoka pa 85 kufika pa 100 psi m'masekondi 45.
4. Gavana, yomwe imalamulira kompuresa, iyambitsenso kupopa mpweya ukatsika cha pa 100 psi. Ambiri amalakwitsa apa posintha kompuresa, pamene gavana ndiyo yamatirira.