Yezani lodi selo ili yokha musanadine ZERO

Amisiri ambiri okonza masikelo amagetsi akangoyatsa chipangizo amadina ZERO n'kuyamba kuika miyala yoyezera. Batani limenelo limangobisa nambala, silikonza chilichonse. Ziro weniweni ali m'kati mwa lodi selo, kachipangizo kachitsulo kamene kamasenza katundu n'kusandutsa kulemera kwake kukhala magetsi, ndipo ndi amene muyenera kumuona poyamba.

M'katimo muli masitireni geji anayi, timawaya topyapyala tomva kutamuka ndi kufinyika, omatidwa pachitsulo, nthawi zambiri a maomu 350 lililonse, olumikizidwa mwa buliji ya Wheatstone. Katundu akatsamira, awiri amatamuka, awiri amafinyika, ndipo buliji imapendekeka n'kutulutsa timphamvu tochepa pa mawaya a SIG+ ndi SIG-. Kukula kwa timphamvuto kumadalira magetsi amene mwaidyetsa pa EXC+ ndi EXC-.

Titenge lodi selo ya makilogalamu 100 yolembedwa 2 mV/V. Mukaipatsa 10 V, ikasenza katundu wokwana imatulutsa 20 mV, kutanthauza kuti kilogalamu imodzi ndi 0.2 mV basi. Tsono magetsi olowawo muziyezera pa lodi selo penipeni, osati pa bokosi lowerengera, chifukwa waya wautali umadyako. Ngati munachuna sikelo pa 10 V koma lero pakufika 9.8 V, thumba la makilogalamu 50 lidzaoneka ngati 49.

Magetsi omwewo amatenthetsanso mageji. Pa 10 V, buliji ya maomu 350 imakoka pafupifupi 29 mA, ndiye mukangoyatsa nambala imayenda pang'onopang'ono. Isiyeni yoyaka kwa mphindi 30. Ikapitirizabe kuyenda, tsitsani pa 5 V, koma dziwani kuti zotuluka nazonso zatsika ndi theka, choncho kuchuna kuchitike pa magetsi omwe sikeloyo izigwirira ntchito.

Ikakhazikika, chotsani thireyi ndi chilichonse chotsamira, muyeze SIG+ ndi SIG- ndi mita yotha kuwerenga mamilivoti. Opanga ambiri amalola kusiyana kosapitirira 1 peresenti ya zotuluka zonse, apa pa 10 V ndiye 0.2 mV. Mukabwezera thireyi ya makilogalamu 8, nambala ikwere ndi 1.6 mV. Kukwera kumeneko n'kwabwinobwino, ndipo ndi kumene ZERO anaikidwira kuti achotse.

Koma mukapeza 3 mV lodi selo ili yokha, ikunena kuti yasenza makilogalamu 15 pamene palibe kanthu. Kawirikawiri chitsulo chinapindika osabwereranso, mwina wina anaponyapo thumba kapena anaisenzetsa mopyola. Mukadina ZERO idzaonetsa 0.00 bwinobwino, koma simungaikhulupirirenso pakati pa mlingo. Lodi selo imeneyo ichotseni, muike ina. Nambala ikamangodumphadumpha, kaikirani chinyezi kapena waya wosagwira bwino.

Ziro akakhala wabwino, isenzetseni lodi selo katundu wokwana, mutero maulendo atatu, mukutsitsa n'kuona ngati ikubwerera pamalo amodzimodzi. Lembani nambala ya lodi selo ili yokha m'buku la sikeloyo kuti mudzayerekezere ulendo wotsatira. Mukatero dinani ZERO, muyambe kuika miyala kuchokera pa wopepuka.