Msana ukuwawabe patatha miyezi itatu? Umu ndi momwe mungabwererere ku khasu pang'onopang'ono

Malume anga a ku Santhe kuno ku Kasungu anapweteka msana mu Meyi pokweza belo la fodya pa lole, anangomva kuti thyo m'chiunomu basi nkukhala pansi. Kuchipatala anawajambula ekisire, palibe chothyoka, anawapatsa bulufeni nkuwauza kuti akapume. Kufika Seputembala anzawo akugalauza mizere iwo anali akadali pa mphasa, ndipo ngakhale lamba wa buluku akangothina pang'ono ankati ngati wina wawayika khala lamoto pamsana. Tsiku likawayendera bwino ankatenga khasu nkulima kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa paliwombo kuti alipire masiku otayika aja, mawa lake osadzuka, masiku atatu ali gone, kenaka abwerezanso zomwezo. Achibale ena anali atayamba kale kunong'ona kuti pali munthu wawaponda chifukwa fodya wawo anagulidwa bwino chaka chimenecho.

Zomwe zinawathandiza ndi zomwe ndikulemba apa, koma kaye timvetsetsane chomwe chimachitika m'thupimo, apo ayi njirayi muyiona ngati yopepera.

Minofu ikang'ambika kapena kukokeka nthawi zambiri imapola pa masabata 6 mpaka 12. Nchifukwa chake a zaumoyo, kuphatikizapo bungwe la WHO, amati ululu ukapitirira miyezi itatu ndi ululu wokhalitsa ndipo umafuna kuwuona mwamtundu wina. Kwa anthu ambiri pofika apa bala lija linapola kale, chatsala ndi mitsempha yonyamula uthenga, osati ya magazi ija ayi, koma yomwe imachoka pakhungu ndi m'minofu kulowa mu chingwe chodutsa mkati mwa fupa la msana mpaka ku ubongo. Mitsempha imeneyi ikakhala ikutumiza uthenga wa ngozi masabata ambiri osalekeza, polumikizira pake mumsanamo pamasintha, pamayamba kukuza uthenga uliwonse, kakang'ono kamafika ku ubongo ngati chinthu chachikulu. Wasayansi wina dzina lake Clifford Woolf ndi amene anaonetsa zimenezi mu 1983. Zili ngati galu wapakhomo amene akuba anamuvutitsapo usiku wina, kuyambira pamenepo amauwa chilichonse, tsamba la mango likagwa wauwa, mwana akamapita kuchimbudzi wauwa. Galuyo sakunama, akuuwadi ndipo tulo simugona, koma wakuba palibe. Ululu wa malume unali weniweni, sikuti ankadzipangitsa kapena kuti zinali za m'mutu, kungoti kuwawako sikunalinso muyeso wa kuwonongeka kwa msana.

Mungadziwe bwanji kuti mwina zafika pamenepa? Zinthu zosayenera kuwawa zimawawa, monga lamba uja kapena munthu kungokugwirani. Ululu umafalikira malo omwe simunavulale, lero kumanzere mawa wakwera m'mapewa. Kantchito ka mphindi zisanu kamasiya ululu wa tsiku lonse, komanso umakula mukagona mochedwa, mukakhala ndi nkhawa za ngongole ya feteleza kapena mukayambana kunyumba.

Choyamba, pitani kuchipatala akakuoneni musanayambe chilichonse, apa sindikuseka. Kuno kwathu TB ya msana ilipo ndipo imayamba ngati msana wamba. Ngati mukuonda osadziwa chifukwa, mukutuluka thukuta usiku, thupi likutentha, ululu ukukudzutsani usiku ngakhale mutagona bwanji, kapena munadwalapo khansa, musayambe zoyenda izi, kaonaneni ndi dokotala. Ngati mwendo ukufooka nkumakoka phazi, pakati pa miyendo pachita dzanzi, kapena mkodzo ndi chimbudzi zikutuluka zokha kaya mkodzo ukukanika kutuluka, imeneyo ndi ya lero lomwe, pezani transipoti. Mapazi otentha ngati mwaponda phulusa lamoto nawo ndi nkhani ina, amabwera ndi shuga, HIV kapena mankhwala ena a TB, ndipo ali ndi thandizo lake. Malume anayezedwa zonsezi nkupezeka alibe, ndiye wa fizio, wachipatala wothandiza odwala ndi masewera olimbitsa thupi, anawauza kuti ayambe kuyenda.

Chachiwiri, yezani pomwe muli, osati pomwe munali chaka chatha. Sankhani ntchito imodzi kapena ziwiri zomwe mukuzifunadi, malume anasankha kuyenda ndi kulima. Kwa masiku atatu chitani ntchitoyo mutayika wotchi ya pafoni, ndipo muyime pomwe ululu wayamba kukwera moonekeratu, osadikira kuti mpaka mulephere kuponda. Lembani mphindi zake mu kope. Malume poyenda anapeza 12 tsiku loyamba, 8 lachiwiri, 10 lachitatu, kuphatikiza ndi 30, kugawa patatu ndi 10. Tsopano pa 10 ameneyo chotsanipo gawo limodzi mwa magawo asanu, zitsala mphindi 8, pamenepo ndiye poyambira panu. Ndi khasu anapeza 6, 9 ndi 6, pakatikati ndi 7, anayambira pa 5.

Apa ndi pomwe tinakangana. Munthu wolima maekala atatu umuuze kuti alime mphindi 5, anandiyang'ana nkuti "Iwe mphwanga, ukundiyesa mwana wa sitandade wani? Anthu aziti chiyani akandiona ndikuweruka dzuwa lisanatuluke nkomwe?" Ndinawauza kuti malume, mwayesa njira yanu miyezi inayi, mizere yomwe mwapanga ndi ingati, anangoti duu. Kuyambira pansi dala chonchi cholinga chake nchoti mukwanitse ngakhale tsiku loipa, mitsempha ija ione kuti mwawerama, mwayenda, ndipo palibe choopsa chachitika. Ikaona zimenezi kambirimbiri imayamba kutsitsa kukuza kuja, ngati galu uja akazolowera kuti amene amadutsa m'mawa uliwonse ndi mwana wa pakhomo pomwepo. Komanso minofu yomwe inafooka ndi kugona imabwerera mphamvu, ndiye ntchito yomweyo imayamba kupepuka.

Chachitatu, ndipo ichi ndiye mtima wa nkhani yonse, wolamula ndi wotchi osati ululu. Tsiku loipa mumachitabe mphindi 8 zanu, mwina pang'onopang'ono koma mumachita. Tsiku labwino alamu ikalira mumayima ngakhale thupi likuti tiye, ndipo kunena zoona kuyima tsiku labwino ndi kovuta kuposa kuyenda tsiku loipa, anthu ambiri amagwera pamenepa. Malume ankayenda kawiri patsiku, m'mawa ndi madzulo dzuwa litapepa, mphindi 4 kupita cha ku mjigo mphindi 4 kubwerera. Khasu anayamba sabata yachitatu, mphindi 5, kupuma 5 atayima kapena akuyendayenda, kubwereza katatu basi nkusiyira anyamata.

Chachinayi, onjezerani pang'ono sabata iliyonse, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi. Kwa malume kuyenda kunapita 8, 9, 10, 11, 12, 13, 15, 16, chonchobe. Mulembe manambalawa pasadakhale mu kope muja kuti musamapange chiganizo m'mawa uliwonse potengera momwe mwadzukira. Osawonjezera zinthu ziwiri nthawi imodzi, ngati mwawonjezera mphindi musawonjezerenso liwiro kapena kusenza thumba.

Nanga kuwawa pochita ntchitoyo? Kuwawa pang'ono nkololedwa, mukadikira kuti kutheretu simudzayamba. Ganizirani ululu pa sikelo ya 0 mpaka 10, pomwe 10 ndi woopsa kwambiri womwe mungauganizire. Ukafika 4 kapena 5 koma pofika mawa nthawi ngati yomweyo wabwerera pomwe umakhala masiku onse, zili bwino pitirizani. Ukakhala pamwamba kupitirira maola 24 ndiye kuti mwalumpha sitepe, bwererani pa mphindi za sabata yatha mukhalepo masiku angapo. Koma ululu wachilendo wosiyana ndi womwe mumaudziwa, kufooka kwatsopano kwa mwendo, kutupa, kupweteka pachifuwa kapena befu wosadziwika bwino, izo siza wotchi, bwererani kuchipatala.

Chachisanu, konzekerani tsiku lomwe zidzabwerere chifukwa lidzafika. Kwa malume linafika sabata yachisanu ndi chimodzi, kunagwa maliro kumudzi kwa akazi awo, anakwera njinga yamoto ya kabaza msewu wa mabampu, nkuchezera usiku wonse pa siwa atakhala pa njerwa, pobwera msana unali moto ndipo anandiimbira kuti zonse zija zapita m'madzi. Sizinapite. Anali pa mphindi 13, tinadula pakati kufika 6 kwa masiku atatu, khasu analisiya masiku awiri, ankathowa ndi kansalu ka madzi ofunda, koma sanagone tsiku lonse, ola lililonse ankadzuka kuzungulira nyumba. Tsiku lachinayi anapita pa 10, sabata isanathe anali pa 13 penipeni. Kale zikatere ankagona sabata yathunthu nkuyambiranso pa ziro.

Za mankhwala ndinene pang'ono. Bulufeni, dayikolofenaki ndi indosidi zomwe timagula mu golosale zija sizomwa miyezi, zimabowola m'mimba ndipo zimawononga impso, makamaka ngati muli ndi BP, shuga kapena mukumwa ma ARV, ndiye muuzeni dokotala zonse zomwe mukumwa. Nthawi zina amapereka amitiripitilini wochepa womwa usiku, ena amakwiya akamva kuti ndi mankhwalanso a matenda a nkhawa, koma pa mlingo wochepawo cholinga ndi kukhazika mitsempha ija pansi ndi kuthandiza tulo. Ameneyo ndi wolemberedwa ndi dokotala, osati wopemphana ndi aneba. Tulo tokha nato ndi nkhani, usiku womwe malume achezera pa wailesi kapena pa bawo, mawa lake sikelo ija inkakwera ndithu.

Pofika kumapeto kwa Disembala nthawi yopalira anali pa mphindi 16 ndi khasu, kasanu m'mawa umodzi, foni ili m'thumba la malaya ikulira pakati pa munda anthu odutsa nkumaseka. Msana sunasiyiretu, m'mawa kukazizira umawawabe cha pa 2 kapena 3 ndipo mwina uzitero ndithu, koma lamba akumanga bwinobwino. Belo la fodya lokha ndiye sanayambe kunyamula, wa fizio anati ayambire pa ndowa ya malita 5 kuinyamula kuchoka pansi kuyika pa tebulo kakhumi, panopa ali pa ya malita 10.