Mphuno yakula pa selefi? Nayi njira yoibwezera mwakale

Selefi yojambulidwa pafupi imakulitsa mphuno, masaya n'kufufuma, makutu n'kuthawira kumbuyo, ndiye anthu ambiri amangoti kamera ya foni yawo ndi yachabechabe. Kamera ilibe mlandu, nkhani yagona pa mtunda. Nsonga ya mphuno ili patsogolo pa makutu ndi masentimita ngati 12. Foni ikakhala masentimita 30 kuchokera pamphuno ndiye kuti makutu ali pa 42, ndipo chinthu chomwe chili pa 30 chimaoneka chachikulu kwambiri poyerekeza ndi chomwe chili pa 42. Mukaima mita imodzi ndi theka, mphuno ili pa 150 makutu ali pa 162, kusiyana kwake diso silikuona n'komwe. Mu 2018 dokotala wa maopaleshoni a nkhope Boris Paskhover wa ku yunivesite ya Rutgers ku America ndi anzake anawerengetsera zimenezi, anapeza kuti pa masentimita 30 mphuno imaoneka yokula ndi pafupifupi 30 peresenti, pomwe pa mita imodzi ndi theka imaoneka mmene ililidi.

Ndiye ngati mungathe kujambulanso, jambulaninso basi, musavutike ndi zonse zili m'munsizi. Tsamiritsani foni penapake molingana ndi maso anu, ikani tayima ya masekondi 10, bwererani mmbuyo masitepe awiri, gwiritsani kamera ya kumbuyo pa 2x, kapena jambulani chonse n'kudzadula pambuyo pake. Koma pali zithunzi zina zosabwerezeka, munajambula pa tsiku lomwe silidzabweranso, ndiye izozo ndi zomwe tikukonza apa.

Poyamba pezani chithunzi chenicheni chomwe chili mu foni momwe chinajambulidwira, osati chomwe chayenda kale pa WhatsApp, chifukwa icho chafinyidwa ndipo mukayamba kuchikoka chimaphwanyika timabokosi. Pangani kope, muzigwira ntchito pa kopelo. Kenako pezani chithunzi china cha nkhope yomweyo chomwe munthu wina anakujambulani ali patali inu mukuyang'ana kutsogolo, cha pa chiphaso chimachita bwino. Ichi ndiye muyeso wanu. Popanda ichi muzingochepetsa mphuno mongoganizira, ndipo maso a munthu akayang'ana nkhope yake kwa nthawi yaitali amasiya kunena zoona.

Chachiwiri onani kuti vuto lanu ndi liti, chifukwa alipo awiri ndipo anthu amawasakaniza. Nkhope ikakhala pakati pa chithunzi, vuto ndi la mphuno lija. Nkhope ikakhala m'mbali kapena pakona, monga zimakhalira pa selefi ya gulu kwa uja wagwira foni, imatambasuka ngati ikukokedwera kunja, chifukwa kamera ya kutsogolo lenzi yake imatenga malo aakulu ndipo zinthu zobulungira za m'mphepete imazitalikitsa. Mutu womwe uli madigiri 25 kuchokera pakati umatambasuka pafupifupi 10 peresenti. Ili ndi vuto losavuta. Dulani chithunzi kuti mutsale nokha, mu GIMP, pulogalamu yokonzera zithunzi pa kompyuta, pitani pa Image kenako Scale Image, dinani ka tcheni kali pakati pa Width ndi Height kuti kaduke, ndiye ngati munali kumanzere kapena kumanja chepetsani Width yokha, mwachitsanzo kuchoka pa 1000 kufika pa 920. Ngati mutu unali kumtunda ndipo chatalika ndi chipumi, chepetsani Height. Wa pakona penipeni ameneyo ndi wovutirapo chifukwa watambasuka chopingasa, pamafunika kutembenuza chithunzi kaye, kufinya, n'kuchibwezanso.

GIMP ndi yaulere pa kompyuta, Snapseed, apu yokonzera zithunzi, ndi yaulere pa foni. Ndikutchula dala zaulere chifukwa kunjaku kwadzaza maapu olonjeza kukonza nkhope ndi batani limodzi, amakulolani kukonza bwinobwino mpaka musangalale, nthawi yosunga ikakwana ndi pomwe akuti lipirani kaye, ena amayamba ndi masiku aulere kenako n'kumangodula ndalama sabata iliyonse inu osadziwa. Komanso ambiri mwa iwo sakonza mtunda ayi, amangosongola mphuno kuti ifanane ndi mphuno yomwe iwo aiona kuti ndiye yokongola. Mphuno yotambalala mwachibadwa si vuto la kamera. Chomwe tikufuna ndi mphuno yanu yomwe ija, kukula kwake komwe anthu amakuona mukamacheza nawo.

Kwa amene ali ndi foni yokha, tsegulani chithunzi mu Snapseed, pa Tools sankhani Head Pose, mupeza pomwe palembedwa Focal Length. Kokani pang'onopang'ono mbali imodzi, mukaona mphuno ikukulirakulira ndiye kuti ndi mbali inayo. Imasintha nkhope yonse ngati kuti kamera inali patali, ndipo pa selefi yomwe siinapotoke kwambiri zimathera pomwepa. Imafuna nkhope yooneka bwino yoyang'ana kutsogolo, ikapanda kuizindikira imakana. Mukakoka mpaka kumapeto tsitsi ndi khoma la kumbuyo zimayamba kupindika, ndiye lekezani pakati.

Pa chithunzi chopotoka kwambiri pamafunika manja, ndipo apa ndi pomwe pagona ntchito. Yambani ndi kuyeza. Mu GIMP dinani Shift+M, yezani kutambalala kwa nkhope kuchokera pa fupa la tsaya lina kufika pa linzake, kenako kutambalala kwa mphuno m'munsi mwake pomwe yatambalala kwambiri. Chitani zimenezi pa zithunzi zonse ziwiri. Tiyerekeze kuti pa chithunzi cha patali chija nkhope ndi mapikiselo 600 mphuno 160, ndiye kuti mphuno ikutenga pafupifupi 27 peresenti ya nkhope. Pa selefi nkhope ndi 900 mphuno 300, yomwe ndi 33 peresenti. Kuti zifanane mphuno ya pa selefi ikuyenera kukhala 240. Koma musakafike pa 240, imani cha m'ma 260 kapena 265, chifukwa chake ndichifotokoza pompano.

Pa selefi ija pangani kope la leya ndi Shift+Ctrl+D kuti pamwamba pa chithunzi pakhale chinzake chofanana nacho, dinani W kuti mutenge Warp Transform, pa zosankha zake ikani Shrink area. Apa ndi pomwe zinandipotokera ine, ndipo ndimaona ambiri akugwa pomwepa. Nzeru yoyamba yomwe imabwera ndi yakuti popeza yakula ndi mphuno, burashi ikhale yolingana ndi mphuno, n'kudina pansonga. Zotsatira zake nsonga imafinyika ngati wina waitsina, mabowo a mphuno amapendekera mkati, khungu la pambali pake limakokeka n'kuoneka losalala mosiyana ndi kwina konse, ndipo milomo yomwe nayonso inakula imatsala yaikulu pansi pa kamphuno kakang'ono. Munthu wokudziwani amaona nthawi yomweyo kuti pali chalakwika ngakhale sangaloze kuti ndi chiyani. Chifukwa chake n'chakuti kamera sinakulitse mphuno yokha. Inakulitsa chilichonse molingana ndi kuyandikira kwake, nsonga ya mphuno kwambiri, milomo ndi chibwano pang'ono, chipumi pang'ono, maso pang'ono kwambiri, mpaka kukafika kumakutu komwe m'malo mokula kunachepa. Ndiye kukonza kwake kukuyeneranso kuyenda choncho, kwambiri pakati n'kumazilala popita kunja.

Ndiye burashi yoyamba ikhale yaikulu, yokwana pafupifupi nkhope yonse, pa chitsanzo chathu Size ya 800. Strength tsitsani ifike 10 kapena 15, Hardness ikhale yotsika kuti m'mphepete musaoneke mzere. Ikani pakati pa burashi pamwamba pang'ono pa nsonga ya mphuno, dinani n'kugwedeza mbewa pang'ono chabe, chifukwa mukangodina osasuntha nthawi zina palibe chimachitika pokhapokha mutachonga Periodically. Kawiri katatu basi, n'kuyeza. Mwina mphuno yatsika kuchoka pa 300 kufika pa 280, ndipo milomo yatsika nayo limodzi, ndi zomwe tikufuna. Kenako chepetsani burashi ifike 450, yokwana mphuno ndi mbali ya masaya, mubwerezenso mofewa momwemo mpaka 265. Burashi yaying'ono kuposa apa musaiyerekeze.

Poti burashi yaikulu imagwiranso maso, muziwayang'anira. Maso akayamba kuyandikirana kapena makona ake a mkati akagwera pansi, mwapyola. Sinthani kuchoka pa Shrink area kupita pa Erase warping, pukutani pamaso pokha, amabwerera mwakale bola musanadine Enter. Wovala magalasi ayang'ane felemu, ikapindika ndiye umboni woyamba. Ichi ndi chifukwa chomwe ndinati musafike pa 240. Mapikiselo 20 kapena 25 omalizawo amabwera ndi kuononga maso ndi mlomo wa m'mwamba, komanso pali zina zomwe simungazibweze zivute zitani. Kamera ili pafupi, masaya anabisa mbali za mutu ndi gawo la makutu, zimenezo m'chithunzimo mulibe ndipo kukoka kulikonse sikungazibweretse. Mphuno ya patali pa mutu wa pafupi imaoneka yobwereka.

Njira ina yachidule yomwe anthu amauzana ndi ya Lens Distortion, ili pa Filters kenako Distorts. Imachepetsadi pakati pa chithunzi mukasuntha Main, koma inapangidwira kuwongola mizere yopindidwa ndi lenzi, zomwe mafoni ambiri amakonza okha kale, ndiye mukaigwiritsa pa selefi zitseko ndi mawindo a kumbuyo kwanu zimapindika. Ngati kumbuyo kuli khoma lopanda kanthu kapena thambo, yesani pang'ono, palibe angadziwe. Timalenzi topanira pafoni timene ogulitsa ena amati timakonza selefi, ambiri mwa ito timangowonjezera malo omwe kamera ikuona, inu n'kuyandikiranso kwambiri kuti nkhope idzaze, mphuno n'kukula kuposa kale. Ndodo ya selefi ndi yabwinoko, iyo imawonjezeradi mtunda.

Mukakhutira dinani Enter. Zimitsani ndi kuyatsa ka diso ka leya ya pamwamba kuti muone kusiyana, kenako tembenuzani chithunzi pa Image, Transform, Flip Horizontally, ngati mbali imodzi ya mphuno yafinyika kuposa inzake ionekera pomwepo, mukatero chitembenuzeninso chibwerere mwakale. Ngati zikuoneka zopyola pang'ono tsitsani Opacity, koma pang'ono chabe chifukwa mizere imayamba kuoneka iwiriiwiri. Dulani m'mphepete ngati mwapindika, File, Export As, JPEG pa 90, ndipo dzina la fayilo likhale lina kuti chithunzi choyamba chija chisafufutike.