Momwe mungawerengere thiransipoti pogulitsa mazira: muiphatikize mu mtengo kapena wogula alipire payokha?

Alimi ambiri a nkhuku zamazira pa Kasungu Boma sadikiranso kuti ogula afike kukhola. Oda imabwera pa foni, wakabaza amamanga mathireyi kumbuyo kwa njinga yamoto, ulendo wa kugolosale kapena kulesitilanti. Chimene chimavuta n'chakuti ndalama ya wakabazayo ichokere kuti. Ena amaiphatikiza mu mtengo wa thireyi n'kumauza anthu kuti akuwabweretsera ulere. Ena amatchula mtengo wa mazira okha, kenako n'kunena kuti thiransipoti ndi ya wogula. Njira zonse ziwiri zimagwira, koma iliyonse ili ndi malire ake. Gwero la vutoli ndi lakuti wakabaza amalipiritsa ulendo, pamene inu mumagulitsa thireyi. Ulendo wonyamula thireyi imodzi ndi wonyamula mathireyi 10 umadya ndalama yofanana kapena yosiyana pang'ono chabe.

Manambala amene ali m'munsimu ndi achitsanzo. Inu muikemo mitengo yanu ya lero, mawerengedwe ake ndi omwewo.

Yambani ndi kabuku, mwezi wathunthu

Musanasinthe mtengo uliwonse, lembani ulendo uliwonse kwa mwezi umodzi. Pa mzere uliwonse pakhale tsiku, kumene katundu wapita, mathireyi amene anyamulidwa, ndalama imene mwapatsa wakabaza, ndi mazira amene asweka panjira. Lembaninso maulendo amene wakabaza wabwerera ndi katundu chifukwa wogula sanapezeke, poti nawonso mwawalipira. Sabata imodzi siyokwanira, chifukwa kumapeto kwa mwezi anthu akalandira malipiro maoda amakhala aakulu, pamene pakati pa mwezi amachuluka ndi a thireyi imodzi kapena awiri.

Tiyerekeze kuti thireyi ya mazira 30 imakudyerani K8,500 kuti ituluke m'khola, ndipo wobwera yekha kudzatenga amagula pa K10,500. Phindu lanu ndi K2,000 pa thireyi. Mwezi watha kabuku kakuonetsa kuti mwatumiza wakabaza maulendo 40 mkati mwa Boma, ulendo uliwonse K2,000, zonse pamodzi K80,000, ndipo mathireyi amene anyamulidwa ndi 200. Mazira 60 asweka, omwe ndi mathireyi awiri, ndalama yake K21,000. Mayunitsi oimbira wakabaza ndi makasitomala, kuphatikizapo zimene amadula potapa ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba, zakwana K19,000.

Siyanitsani zotsatira thireyi ndi zotsatira ulendo

Kusweka kwa mazira ndi zodulidwa potapa ndalama zimakula katundu akamachuluka. Zimenezi ziphatikizeni mu mtengo wa thireyi iliyonse imene mukutumiza, popanda kukambirana ndi wogula. Palibe kasitomala amene angakondwe kumva kuti alipire K105 ya mazira amene anasweka kwa munthu wina. K21,000 ndi K19,000 zikupanga K40,000, ndipo mukagawa ndi mathireyi 200 mupeza K200. Ndiye kuti thireyi yotumizidwa isatsike pa K10,700, ngakhale thiransipoti akulipira ndi wogulayo.

Yatsala ndi K80,000 ya wakabaza. Mukaigawa ndi 200, thireyi iliyonse isenza K400, ndipo mtengo wofikitsa pakhomo ukhala K11,100. Ambiri amaimira pomwepa n'kulengeza mtengowo. Musafulumire, chifukwa K400 ija yatuluka poyerekeza kuti ulendo uliwonse umanyamula mathireyi asanu, ndipo si maulendo onse amene amatero.

Yesani mtengowo pa makasitomala atatu

Woyamba ndi mayi wa pakhomo amene waitanitsa thireyi imodzi. Walipira K11,100, momwe muli K400 ya ulendo, koma wakabaza watenga K2,000. K1,600 yotsalayo yachoka mu phindu lanu, ndipo pa K2,000 mwatsala ndi K400. Maoda oterewa amachuluka mukangolengeza kuti kubweretsa ndi kwaulere, chifukwa munthu amene kale ankasonkhanitsa zofuna zake kuti aitanitse kamodzi amayamba kuitanitsa thireyi imodziimodzi. Chizindikiro chake m'kabuku n'chakuti maulendo akukwera koma mathireyi ali pomwepo.

Wachiwiri ndi mwini golosale amene amatenga mathireyi 10. Iye wapereka K4,000 ya ulendo wa K2,000. Kwa inu zikuoneka zokoma, koma munthu wopikula amawerenga kwacha iliyonse poti nayenso akukagulitsa. Akazindikira kuti atatuma mnyamata wake kukhola angagule mathireyi 10 pa K105,000 n'kuonjeza K2,000 ya kabaza, m'malo mwa K111,000, ayamba kufunsa mtengo kwa alimi ena. Kuphatikiza thiransipoti mu mtengo kumachititsa kuti wogula zambiri azilipirira wogula zochepa, ndipo wogula zambiriyo ndi amene simufuna kumutaya.

Wachitatu ali ku Chinkhoma kapena ku Mtunthama, kumene wakabaza akufuna K8,000. Ngakhale atatenga mathireyi asanu, ndalama ya ulendo imene ili mu mtengo ndi K2,000 yokha. K6,000 ichoka mu phindu la K10,000. Mukafuna kuti mtengo umodzi ukwanire mpaka kumeneko, muyenera kuukweza kwa aliyense, ndipo ogula a pa Boma adzakuthawani chifukwa mazira ndi katundu amene mtengo wake aliyense amaudziwa. Chiponde chopanga nokha kapena keke mutha kubisamo K1,000 osaoneka. Mazira, shuga ndi simenti sizibisika.

Dulani malire awiri, a kuchuluka ndi a mtunda

Malire a kuchuluka mumawapeza pogawa mtengo wa ulendo ndi ndalama imene mwaika pa thireyi: K2,000 kugawa ndi K400 ndi 5. Kuyambira mathireyi asanu kupita m'mwamba, mkati mwa Boma, mtengo wa K11,100 wofikitsa pakhomo ukudzilipira wokha. Wofuna ochepera asanu agule pa K10,700 n'kulipira K2,000 ya wakabaza, kapena adikire tsiku lozungulira. Sankhani masiku awiri pa sabata, monga Lachiwiri ndi Lachisanu, pamene wakabaza amanyamula maoda ang'onoang'ono a dera limodzi n'kuwatula khomo ndi khomo. Mugwirizane naye mtengo wa kuzungulira konseko asananyamuke, poti kuima paliponse amakuwerengera.

Wopikula mathireyi 10 kapena kuposa m'patseni mitengo iwiri poyera: K10,700 pa thireyi, ndi K2,000 ya ulendo. Zonse zikwana K109,000. Poyerekeza ndi K111,000 ija, mwasiya K2,000 imene sinali yanu kwenikweni, koma phindu lanu la K2,000 pa thireyi silinakhudzidwe.

Malire a mtunda musawanene m'makilomita, chifukwa zimabweretsa mkangano. Tchulani malo amene aliyense amawadziwa, monga mlatho, sukulu kapena mphambano, ndipo afunseni akabaza a pa siteji yanu pamene mtengo wawo umasinthira. Malire anu agwere pomwepo. Kupyola pamenepo, thiransipoti ilipidwe payokha pa mtengo wake weniweni. Wa ku Chinkhoma wotenga mathireyi 10 alipira K107,000 ndi K8,000, ndiye kuti thireyi yamufika pa K11,500. Akatenga awiri okha, thireyi imufika pa K14,700, ndipo ndi bwino kumuwerengera zimenezi iye akumva. Nthawi zambiri mpamene amaganiza zophatikizana ndi mnzake wa golosale yoyandikana kuti agawane K4,000 aliyense.

Nanga wakabaza amulipira ndani?

Apa ndi pamene kulipiritsa payokha kumaonongekera. Mukangonena kuti "mumupatsa wakabaza akafika" osatchula ndalama, wakabaza atha kutchula K3,000 pakhomo, wogula n'kukana, mazira n'kubwerera. Mwalipira ulendo wopita ndi wobwera, katundu wagwedezeka kawiri, ndipo dzina loipa lagwera inu. Gwirizanani mtengo ndi wakabaza nokha, kenako mulembere wogula uthenga umodzi wokhala ndi zonse, mwachitsanzo: "Mathireyi atatu K32,100, thiransipoti K2,000, zonse K34,100." Munthu amakwiya kwambiri ndi ndalama imene yatulukira kumapeto kuposa mtengo wokwera umene anaumva poyamba.

Kwa kasitomala watsopano kapena wakutali, ndalama ya thiransipoti ilowe pa foni yanu katundu asananyamuke. Ya mazira atha kupereka atawaona. Akasintha maganizo, mwina mwataya nthawi koma ulendo walipidwa. Pamene thiransipoti ili mkati mwa mtengo chitetezo chimenechi palibe, n'chifukwa chake muyenera kumuimbira wogula wakabaza asanalize njinga.

Nenaninso za mazira osweka. Ngati mwaika kale K200 ija mu mtengo, kubweza dzira losweka ndi udindo wanu, ndipo chosavuta ndi kuliwonjezera pa oda yotsatira. Wogula awerenge wakabaza ali pomwepo. Mukatumiza pa minibasi kupita ku Lilongwe kapena ku Nkhamenya, ndalama imene kondakitala watchula imathera pa depoti. Wonyamula kuchoka pa depoti kukafika pakhomo ndi ulendo wina, ndipo muyenera kunena kuti alipira ndani. Lembani nambala ya galimoto ndi ya foni ya kondakitala, mutumize kwa wolandira.

Amene ali ndi njinga yamoto yawoyawo amakonda kuwerengera petulo yekha. Oyilo, matayala, tcheni ndi nthawi imene mwachoka pakhola zonse ndi ndalama. Njira yachidule ndi kudzilembera mtengo umene wakabaza akanatenga pa ulendo womwewo.

Bwerezani masamuwa mtengo wa ulendo ukasintha

Bungwe la MERA likalengeza mtengo watsopano wa mafuta, kapena petulo akasowa mpaka kumagulidwa m'zigubu, akabaza amakweza tsiku lomwelo. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi maperesenti 44 mu Novembala 2023, mafuta ndi katundu wambiri zinakwera m'masiku ochepa. Nayo mvula ikagwa, misewu yafumbi imaterera, wakabaza amatchula zambiri ndipo mazira amaswekanso ambiri. Amene amalipiritsa thiransipoti payokha amangosintha nambala imodzi, ndipo wogula amamvetsa poti nayenso amakwera kabaza. Amene anaiphatikiza mu mtengo ayenera kubwerera ku kabuku. Ulendo ukachoka pa K2,000 kufika pa K2,500, K400 ya pa thireyi imakwanira pokhapokha oda ifike mathireyi 7. Mukafuna kusunga malire a mathireyi asanu, ndalama ya ulendo pa thireyi ikwere kufika K500, ndipo mtengo wofikitsa pakhomo ukhale K11,200.