Tikiti yagwera mumzere wanu koma si yanu: mmene mungaiperekere kwa eni ake

Anzanga amene mumagwira ntchito yothandiza anthu pa nkhani za makompyuta m'maofesi, m'zipatala ndi m'mabungwe, vuto ili mumalidziwa. Mwatsegula mndandanda wa ntchito zanu m'mawa, ndipo pakati pa matikiti a gulu lanu, madandaulo amene anthu alemba popempha thandizo, pali imodzi imene si yanu. Ena amangoisiya poganiza kuti eni ake aiona okha. Ena amaitseka n'kumuuza wodandaulayo kuti alembe ina. Enanso amaikankhira ku gulu lililonse limene lawabwerera m'mutu. Njira zitatu zonsezi zimasiya munthu wa vuto uja akudikira, pomwe pa sikirini zikuoneka ngati nkhani ikuyenda. Ndifotokoza pogwiritsa ntchito pulogalamu ya osTicket, popeza ndi yaulere ndipo maofesi ambiri ang'onoang'ono amaikonda. Amene muli ndi pulogalamu ina mupeza mabatani ofanana nawo ngakhale maina ake asiyane.

Tiyeni titenge chitsanzo chimodzi n'kuyenda nacho mpaka kumapeto. Tinene kuti inu muli m'gulu loyang'anira netiweki. Lolemba m'mawa, nthawi ya 8 koloko, mayi wina wa ku ofesi ya zachuma kunthambi ya bungwe lanu walemba kuti: "Sisitimu sikugwira, ndikulephera kulowetsa ma voucha." Posankha `Help Topic` anasankha ya intaneti, chifukwa kwa iwo chilichonse chokanika pa kompyuta ndi vuto la netiweki. Mu osTicket, mutu umene munthu wasankha ndi umene nthawi zambiri umalozera tikiti ku dipatimenti, choncho yafika kwa inu. Mwaiona 11 koloko, ndipo pofuna kuti isakhale yopanda mwini mwadina `Claim`, dzina lanu lakhala pamenepo.

Musanaganize zoisamutsa, tsimikizani kuti si yanudi. Apa ndi pamene anthu ambiri amafulumira. Kungowerenga mutu wa tikiti sikokwanira, chifukwa wodandaula amalemba zimene akuona, osati chimene chayambitsa. Aimbireni foni mayiwo n'kuwafunsa zinthu zochepa. Kodi imelo ikutseguka? Kodi tsamba lolowera mu sisitimu ya zachuma likuoneka? Kodi anzawo a pa desiki yoyandikana akutha kulowetsa ma voucha? Nanga pa sikirini pakulembedwa mawu otani enieni? Akakuyankhani kuti imelo ikuyenda, alowa bwinobwino ndi pasiwedi yawo, anzawo akugwira ntchito, koma iwo akadina batani losunga pakubwera `Permission denied`, ndiye kuti netiweki ilibe mlandu. Vuto lili pa chilolezo cha akaunti yawo mkati mwa sisitimuyo, ndipo ozipereka zilolezozo ndi gulu loyang'anira mapulogalamu. Apempheni akujambulireni sikirini n'kuika chithunzicho pa tikiti. Mphindi khumi zimenezi si zotayika. Mukanapeza kuti ofesi yonse ikulephera kufika pa seva, tikitiyo ikanakhala yanu ndithu, ndipo kuisamutsa kukanangoiyendetsa ulendo wopita ndi kubwerera.

Tsopano lembani uthenga wa kwa anzanu amene aitenge. Ine ndimaona kuti gawo ili ndi limene limalemera kuposa onse. Tikiti imene yafika ndi mawu oti "si yathu" imakakamiza gulu latsopanolo kuyambiranso, kuimbiranso mayi aja, kufunsanso mafunso omwe aja, ndipo mayiwo amayamba kuona ngati palibe akumva. Zili ngati wodwala wotumizidwa kuchokera ku chipatala chaching'ono kupita kuchipatala cha boma popanda cholembedwa m'buku lake: adokotala a uko ayenera kuyamba kumuyeza ngati sanaonedwepo. Gwiritsani ntchito `Post Internal Note`, imene amaiona ogwira ntchito okha, osati `Post Reply` imene imapita kwa wodandaula. Uthenga wabwino ungaoneke chonchi:

"Kwa a gulu la mapulogalamu. Mayi a ku ofesi ya zachuma kunthambi akulephera kusunga ma voucha kuyambira lero m'mawa. Akulowa bwino mu sisitimu, koma posunga pakubwera `Permission denied`, chithunzi ndachiika. Ndaona kuti intaneti ndi imelo zikuyenda, ndipo anzawo awiri muofesi yomweyo akusunga popanda vuto, choncho si netiweki. Akuti Lachisanu zinkatheka. Sindinasinthe chilichonse pa akaunti yawo. Ma voucha akuyenera kulowa lero lisanathe chifukwa malipiro akutuluka mawa. Chonde onani zilolezo za akaunti yawo. Ndawauza kuti amva kuchokera kwa inu."

Taonani zimene zili mmenemo: vuto m'mawu omveka, zimene mwayesa ndi zotsatira zake, chifukwa chimene mukuganizira kuti ndi yawo, zimene simunakhudze, ndi tsiku limene nkhaniyi ifike poipa. Mawu oti "sindinasinthe chilichonse" musawaone ngati achabe. Ngati munayesa kusintha pasiwedi kapena kuchotsa zina mu kompyutamo, nenani, chifukwa mnzanuyo akapanda kudziwa adzataya nthawi kufufuza chinthu chimene munachiyambitsa ndinu. Ndipo lembani zimene mwaona, chiganizo chanu chikhale chiganizo basi. Mukalemba motsimikiza kuti "akaunti yawo yachotsedwa chilolezo" musanaone, mukhoza kuwasocheretsa.

Pa kusamutsa penipenipo, dziwani kuti `Assign` ndi `Transfer` ndi zinthu ziwiri zosiyana. `Assign` imaika tikiti m'manja mwa munthu kapena timu, koma tikitiyo imakhalabe ya dipatimenti imene inalimo. `Transfer` ndi imene imaichotsa ku dipatimenti yanu kupita ku ina. Mu chitsanzo chathu mukufuna `Transfer`, kuti ikaonekere mumzere wa gulu lonse la mapulogalamu. Pewani chizolowezi choipereka kwa munthu mmodzi amene mumagwirizana naye m'gululo. Mwina ali patchuthi, mwina wapita kumaliro kumudzi, mwina ali ku maphunziro sabata yonse, ndipo tikitiyo idzagona pa dzina lake anzake akuona kuti ili ndi mwini kale. Wogawa ntchito m'gulu lawo ndi mkulu wawo, osati inu.

Pali msampha wina umene umakola ngakhale anthu ozolowera. Kumbukirani kuti munadina `Claim`. Kutengera mmene anakonzera dipatimenti yolandirayo, tikiti ikhoza kusamuka dzina lanu likadali pamenepo. Zikatero a gulu latsopanolo amaiona ngati ntchito imene wina akuigwira kale, ndipo uthenga wodziwitsa za kusamukako ukhoza kubwera kwa inu nomwe m'malo mopita kwa iwo. Choncho yambani mwachotsa dzina lanu ndi `Release`, kenako musamutse. Mukamaliza, yang'anani pamwamba pa tikiti. Pa `Department` payenera kuoneka dzina la gulu latsopano, ndipo pa `Assigned To` pasakhale dzina lanu. Lembaninso nambala ya tikitiyo penapake musanadine, chifukwa ikangochoka ku dipatimenti yanu mwina simudzathanso kuiona. M'matembenuzidwe atsopano a pulogalamuyi muli kabokosi pa fomu yosamutsira kamene kamalola dipatimenti yanu kupitiriza kuiona. Pa nkhani ngati iyi kachongeni. Koma ngati tikiti yosocherayo ndi ya malipiro a munthu, matenda ake kapena mlandu wa kuntchito, musakachonge, musawerenge zoposa zimene mukufunikira kuti mudziwe kopita, ndipo musaike zinsinsizo mu uthenga wanu.

Chifukwa chiyani ndikukana zoti muitseke n'kutsegula ina? Tikiti yatsopano imataya mbiri yonse, ndiponso imabisa nthawi imene munthu wadikira kale. Tinene kuti bungwe lanu linalonjeza kuthana ndi vuto lotere mkati mwa maola 8 a ntchito. Wotchi inayamba 8 koloko pamene mayi aja analemba, osati pamene inu mwasamutsa. Mukasamutsa 11:30, anzanu atsala ndi maola anayi ndi theka. Ayenera kudziwa zimenezo, n'chifukwa chake kusunga tikiti yosochera mpaka madzulo n'kuwalakwira: amailandira itatsala pang'ono kufiira ngati yochedwa, pomwe sanaichedwetse ndi iwo. Mukazindikira kuti si yanu, isamutseni nthawi yomweyo.

Kenako auzeni mayi aja kudzera pa `Post Reply`. Mawu ochepa akwanira: kuti mwaona kuti netiweki ili bwino, nkhani yawo mwaipereka ku gulu loyang'anira sisitimu ya zachuma, nambala ya tikiti ndi yomweyo, ndipo sakufunika kulembanso ina. Musawadzudzule chifukwa chosankha mutu wolakwika. Mukhoza kungowauza mwaulemu mutu woti adzasankhe tsiku lina. Musalonjezenso nthawi m'malo mwa gulu lina, chifukwa simukudziwa zimene zili pa desiki yawo.

Ntchito yanu sinathebe mpaka wina wa uko atavomera kuti waitenga. Popeza malipiro akutuluka mawa, musadalire uthenga wa makina wokha. Imbani foni kapena pitani ku ofesi yawo, tchulani nambala ya tikiti, ndipo funsani kuti aitenga ndani. Pa nkhani yosafulumira, kuyang'ananso pakapita ola limodzi kapena awiri kumakwanira, kungoona ngati pa `Assigned To` pabwera dzina. Pa nkhani yoopsa, monga munthu amene wadina linki yachinyengo n'kulemba pasiwedi yake, dongosolo limatembenuka: yambani ndi foni kwa oyang'anira chitetezo, tikiti itsatire pambuyo.

Nthawi zina tikiti imabwerera kwa inu ndi mawu oti "si yathunso". Werengani chifukwa chimene apereka, mwina aona chinthu chimene inu simunachione. Ngati simukugwirizana nawo, musaibwezenso kachiwiri. Kambiranani pafoni, ndipo zikakanika itengereni kwa akuluakulu a magulu awiriwo kuti agamule, inu mukuisunga ndi kumudziwitsa wodandaula. Ngati zapezeka kuti vutolo lili ndi mbali ziwiri, ina yanu ina yawo, tikiti ikhale kwa amene ali ndi mbali yaikulu, ndipo mbali inayo aitsegulire `Task` yopita ku dipatimenti inayo. Ubwino wake ndi woti osTicket siilola kutseka tikiti pamene `Task` yake ikadali yotsegula.

Mukaona kuti matikiti a mtundu umodzi akugwera kwa inu mobwerezabwereza, sonkhanitsani manambala ake n'kupita nawo kwa amene amayang'anira pulogalamuyi. Kawirikawiri chimakhala chimodzi mwa zinthu ziwiri. Mwina pa mndandanda wa `Help Topic` palibe mutu womveka wa sisitimu ya zachuma, ndiye anthu amangosankha wapafupi. Kapena pali lamulo mu `Ticket Filters` limene likugwira mawu ngati "sisitimu" pa mutu wa imelo n'kulozera zonse ku netiweki. Apempheni atsegule matikiti amene mwabweretsawo, aone mutu umene unasankhidwa ndi njira imene iliyonse inalowera, kenako awonjezere mutu wosowawo kapena akonze lamulolo.