Mutu ndi msana zikupweteka koma malungo sakupezeka: za matenda okhumudwa

M'midzi yathu ya kuno ku Salima muli anthu amene apita kuchipatala kambirimbiri ndi dandaulo lomwelomwelo: mutu waukulu, msana, mtima kuthamanga, thupi lonse kuphwanya. Akayezedwa malungo sapezeka, amwa panado, patapita milungu iwiri abwereranso. Ena mwa iwo akudwala matenda okhumudwa, amene ambiri amangoti kuganiza kwambiri. Ndi matenda ngati shuga kapena kuthamanga kwa magazi, kungoti awa amagwira ubongo, n'kusokoneza tulo, chilakolako cha chakudya, mphamvu ndi kaganizidwe. Munthu wa kwathu kuno sabwera n'kunena kuti "ndakhumudwa". Amaloza pamene pakupweteka, ndipo ululuwo ndi weniweni, sakunamizira.

Tiyerekeze ndi mayi wa ana anayi amene amapikula usipa ku Senga Bay n'kukagulitsa pamsika. Mpamba wake udalowa pansi nthawi ya mwera, ngongole ya kubanki m'khonde ikumudikira. Kudandaula pa zotere n'kwachibadwa, aliyense angatero. Koma taonani zimene zikutsatira. Akumadzuka tambala woyamba asanalire, tulo osabweranso. Nsima akungonyema mbamu ziwiri n'kusamba m'manja. Kwaya ya amayi imene sankajomba wasiya, ndipo mnzake atamubwereka ndalama kuti ayambirenso geni, ndalamazo zangokhala pampango. Pobweza chenji akumasokoneza, pamene kale ankawerengera pamtima. Akumanena kuti, "Ine ndine mtolo chabe kwa anawa."

Chimene chimasiyanitsa matendawa ndi chisoni wamba ndi ichi: munthu amakhala wosweka mtima, kapena wosasangalatsidwa ndi chilichonse, pafupifupi tsiku lonse, tsiku ndi tsiku, kwa milungu iwiri kapena kuposerapo, mpaka ntchito zake kuima. Wachisoni wamba mukamuuza nkhani yabwino amatsitsimukako. Mayi uyu ngakhale mpamba wapezeka, mtima sunasunthe. Ndi chizindikiro chimene ine ndimachiyang'ana kuposa misozi, chifukwa ambiri odwala matendawa salira n'komwe. Kwa abambo kawirikawiri zimatulukira mu ukali ndi mowa. Bambo amene ankalawirira kumunda wa mpunga wayamba kugona mpaka dzuwa kutentha, ana akangoti phokoso pang'ono wawakalipira, madzulo ali pa kachasu kuti apeze tulo. Timati wasanduka chidakwa, osafunsa chimene chidayamba pakati pa mowawo ndi kusowa tuloko.

Apa m'pamene abale timasochera. Wina ati ndi ulesi, wina ati amulodza anzake a pamsika chifukwa geni inkayenda, wina ati chikhulupiriro chachepa. Ndalama zotsalazo zithera kwa asing'anga. Kupemphera sindikuletsa, ndipo mpingo umene umayendera wodwala umathandiza kwambiri, koma matendawa amagwira abusa ndi mashehe omwe, olemera ndi osauka. Nthawi zina amabwera popanda vuto lililonse looneka, makamaka ngati kumtundu kuli wina amene adadwalapo. Amakondanso amayi amene angobereka kumene ndi anthu amene ali ndi matenda okhalitsa monga HIV ndi shuga. Ndipo si misala: munthuyu akudziwa dzina lake, akuzindikira aliyense, n'chifukwa chake mawu oti "tangolimbani mtima" amamulasa. Akadatha kulimba akadalimba kale.

Pokaonana ndi achipatala, m'perekezeni, ndipo mukanene zonse, osati mutu wokha. Nenani kuti tulo lidasokonekera liti, akudya bwanji, adasiya ntchito ziti. Adokotala amayamba aona ngati palibe china chofooketsa thupi, monga kuchepa kwa magazi, kenako amafunsa mafunso okhudza milungu iwiri yapitayo. Ngati pachipatala chaching'ono palibe wodziwa za matenda a maganizo, pemphani kalata yopita kuchipatala chachikulu cha boma. Ambiri amathandizidwa akuchokera kunyumba. Kumva za matendawa sikutanthauza ulendo wa ku Zomba ayi. Kumeneko, kapena ku St John of God ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, kumapita amene matenda awakulira.

Ngati matenda sanafike povuta, chithandizo choyamba ndi uphungu. Si kucheza wamba. Phungu amathandiza wodwala kutchula mavuto ake limodzilimodzi, kusankhapo limodzi lotheka, n'kugwirizana chochita sabata imeneyo. Kwa mayi wathu uja, mwina sabata yoyamba ndi kukakambirana ndi gulu la banki m'khonde kuti azibweza pang'onopang'ono, yachiwiri kupita kukwaya ngakhale akangokhala kumbuyo osaimba. Matendawa amauza munthu kuti adikire mpaka mtima ufune. Uphungu umatembenuza zimenezo: ayambe kuchita, mtima utsatira pambuyo.

Matenda akakula, pamafunikanso mankhwala. Amene amapezeka kawirikawiri m'zipatala zathu ndi amitiriputilini ndi fuluokisetini. Woyambayo amamwa usiku chifukwa amagonetsa, ndipo amaumitsa kukamwa, kudzimbitsa, ndi kuchititsa chizungulire munthu akadzuka mofulumira. Winayo amamwa m'mawa, ndipo masiku oyamba angachititse nseru kapena mutu. Tsono vuto lagona apa: zovutazi zimabwera msanga, pamene phindu limayamba kuoneka pakatha milungu iwiri mpaka inayi, ena mpaka 6. Mayi uja akamwa masiku asanu, kukamwa kuli gwa, mtima uli chimodzimodzi, apongozi amvekere, "Mwaona? Si za kuchipatala izi." Mankhwala aponyedwa kuchimbudzi asanayambe n'komwe ntchito. Abale mukadziwiratu zimenezi mumuthandiza kupirira. Kawirikawiri inu ndi amene mudzayambe kuona kusintha, iye asanakuzindikire: wagona mpaka kucha, wamaliza nsima, wasesa pabwalo osauzidwa.

Msampha wachiwiri umabwera atachira. Pakatha miyezi iwiri ali bwino, wabwerera kunyanja kukapikula usipa, ndiye aganiza zosiya. Mankhwalawa amafunika kupitiriza kwa miyezi yosachepera 6 munthu atapeza bwino, apo ayi matenda amabwerera mosavuta. Posiya, adokotala amachepetsa pang'onopang'ono. Ena amaopa kuti ndi mankhwala ozunguza bongo. Ayi, sapatsa chibaba ngati fodya kapena mowa, kungoti kuwadukiza mwadzidzidzi kumabweretsa chizungulire ndi kusowa mtendere. Muwauzenso adokotala ngati wodwala ndi woyembekezera, akuyamwitsa, ali ndi vuto la mtima, kapena ngati adakhalapo masiku angapo osagona koma ali ndi mphamvu zodabwitsa, kulankhula kosalekeza ndi kumwaza ndalama. Chomalizachi chimaloza matenda ena, ndipo mankhwala awiri aja paokha angawautse.

Mawu aja oti "ndine mtolo chabe" musawaseke. Khalani naye pansi panokha, mumufunse mosazungulira: "Kodi mumaganizako zodzipha?" Ambiri amaopa kuti kufunsa kumuika maganizowo m'mutu. Sizitero, kawirikawiri munthu amapepukidwa kuti wina wafunsa. Akavomera, musamukalipire kapena kumulalikira, ndipo musamusiye yekha. Chotsani m'nyumba mankhwala a mbewu, a thonje ndi a makoswe, mukasungitse kwa wina, ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira tsiku la kiliniki. Amitiriputilini naye ndi woopsa akamwedwa wambiri nthawi imodzi, choncho paketi isungidwe ndi m'bale mmodzi wodalirika, azimupatsa wa usiku umenewo basi. Milungu yoyamba ya mankhwala muzimuyang'anira kwambiri, chifukwa mphamvu za thupi zimatha kubwerera maganizo oipawo asanachoke.