Momwe mungasankhire masandasi oti muyende nawo tsiku lonse

Kuchoka ku Limbe kukafika m'tauni ya Blantyre wapansi ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 8. Mukabwereranso wapansi, monga amachitira ambiri ogulitsa malonda oyenda nawo, akwana 16, ndipo pamtunda wotere munthu amaponda pansi kopitirira ka 20,000. Kalamba komwe kamangokukhudzani pang'ono poyesa nsapato pamsika kadzakhula malo omwewo maulendo masauzande, dzuwa lisanalowe pali thuza. N'chifukwa chake posankha masandasi a ulendo wautali mufunse chinthu chimodzi: kodi phazi likhala malo amodzi, kapena lizisewera m'katimo?

Choyamba, pitani kokagula masana kapena madzulo, mutayendako kale. Mapazi amafufuma pang'ono munthu akakhalitsa choimirira, makamaka kukatentha ngati mu Okutobala, ndiye nsapato yomwe yakukwanani bwino 7 koloko m'mawa ikhoza kukuthinani pofika 3 koloko. Valani zonse ziwiri ndipo muimirire, chifukwa anthu ambiri phazi lina limakulirapo.

Kenako yang'anani malamba, ndipo apa musafulumire. Sandasi yoyendera imagwira phazi malo atatu: pamwamba pa zala, pamsana pa phazi kufupi ndi akakolo, ndi kumbuyo kwa chidendene. Lamba wakumbuyoyu ndiye amasiyanitsa sandasi ndi patapata. Mukavala patapata, zala zimakhalira kukanirira kuti isavuke, ndipo pakatha maola angapo mumamva kuwawa pansi pa phazi mpaka m'katumba. Patapata ndi yopitira kubafa ndi kugolosale, basi.

Malambawo akhale oti mutha kumasula ndi kumangitsa, makamaka wakutsogolo, poti ndiko phazi limafufuma kwambiri. Mukamanga, chala chimodzi cha kudzanja chizitha kulowa pansi pa lamba koma movutikira. Ndiye kwezani chidendene ngati mukusuzumira pampanda: chikanyamuka chokha n'kusiya sandasi pansi, lamba wakumbuyo ndi wautali. Pezaninso potsetsereka, ngakhale pamphepete pa ngalande, mutsike mapazi angapo. Zala zikamathamangira kutsogolo n'kutulukira, vuto lili pa lamba wa pa akakolo.

Lowetsani chala m'kati mwa lamba aliyense mufufuze msoko wotukuka, mfundo ya ulusi kapena m'mphepete mokuthwa. Malo ovuta ndi atatu: pachala chaching'ono, pafupa lotukuka kumunsi kwa chala chachikulu, ndi kumbuyo kwa chidendene. Kachitsulo kapena kapulasitiki kolumikizira malamba kasagone pafupa. Malamba ansalu yolimba amauma msanga mukawoloka mtsinje. Achikopa amafewa n'kutengera phazi lanu pakapita masiku, koma akanyowa amatalika, ndipo akauma padzuwa amauma gwa. Zomata zija zimalira pomatula n'zosavuta kusintha muli panjira, kungoti kumudzi zimatola chisoso ndi fumbi mpaka kusiya kugwira. Ine ndikamapita njira zamaudzu ndimakonda zomanga ndi kachitsulo ngati lamba wa buluku.

Chachitatu ndi popondera phazi. Mutaimirira, patsale kampata ka theka la sentimita kapena sentimita imodzi kutsogolo kwa chala chachitali, ndi kena kochepa kumbuyo kwa chidendene. Kampata kakachepa, chala chidzakumana ndi mwala. Kakachuluka, mlomo wa sandasi uzikola pansi. Vulani, gwirani kutsogolo ndi kumbuyo, mupinde. Iyenera kupindika pomwe zala zimapindikira, osati pakati. Ipotoleninso ngati mukufinya chovala: ikapotoka mosavuta, nsangalabwi iliyonse ya panjira mudzaimva.

Ambiri amanyengeka ndi kufewa. Dinani ndi chala chachikulu pomwe pamakhala chidendene. Chala chikamira mpaka kumva pansi, dziwani kuti thupi lanu lidzaphwatalalitsa pamenepo ola loyamba lisanathe. Pabwino pamalowa pang'ono n'kubwerera msanga. Pachidendene pakhale polowa ngati kambale kuti phazi lisamapite uku ndi uku, ndipo pakati pakhale potukuka pang'ono molingana ndi phazi lanu. Potukukapo pakamakubayani muli pamsika pomwepo, musakhulupirire zoti mudzazolowera. Pamwamba posalala ngati galasi pewani, chifukwa thukuta likangobwera phazi limayamba kutereramo, kenako fumbi lisanduka matope pansi pa zala.

Tsopano tembenuzani muone kunsi. Kugwira pansi kumadalira zinthu ziwiri: chomwe anapangira soli ndi mano ake. Kandani ndi chikhadabo. Labala weniweni amalowa pang'ono ndipo chala chimakakamira mukachikhulapo, pomwe pulasitiki ndi yolimba, yoterera, ndipo imalira kuti kho kho mukaigogoda pasimenti. Ya pulasitikiyo pasimenti yonyowa kapena pamatailosi ingakugwetseni. Ngati pali madzi pafupi, nyowetsani pansi, pondani n'kuyesa kukhwekhwereza phazi. Pamsewu wa tala mano osaya amakwanira. Koma ngati njira yanu ndi ya katondo kapena makande nthawi ya dzinja, funani mano akuya mamilimita 3 kapena 4, otalikirana kuti matope azigwa okha, ndipo ena akhale opingasa kuti azikugwirani potsika.

Chaka china ndinagwira mapeyala awiri a masandasi pakaunjika. Yoyamba inali yooneka ngati yatsopano, yopepuka, ya soli yokhuthala. Nditaipinda, m'mbali mwa soli munaoneka timing'alu, ndipo nditakanda panagwa tinyenyeswa ngati ta buledi wouma. Imeneyo inali itagonera kwa zaka zambiri, ndipo soli zamtundu umenewu zikayamba kufumbutuka palibe guluu angazithandize. Yachiwiri inali yosuluka, koma soli yake inali ya labala, mano akadalipo, ndipo nditaikhazika pathebulo inaima chilili osapendekera mbali imodzi. Zimenezi n'zofunika pa nsapato yovalidwapo, chifukwa chidendene chodyeka mbali imodzi chimakupendeketsani inunso mofanana ndi mwini wake woyamba. Vuto lake linali lamba mmodzi yemwe ankasomphoka polowera m'soli nditamukoka mwamphamvu. Ndinagula yachiwiriyo n'kupita nayo kwa wosoka nsapato, yemwe anaisoka kuzungulira konse ndi ulusi wolimba, ndipo ndinamupempha kuti mfundo zonse zikhale kunja kuti zisandikhule.

Nkhwayira za matayala nazo musazinyoze. Minga sizilowa ndipo sizitha msanga, koma ndi zolemera, popondera pake ndi pathyathyathya, ndipo zina amakhomera malamba ndi timisomali tomwe timadzatulukira m'kati. Ngati phazi lanu silinazizolowere, musayambire paulendo wautali.

Ngakhale sandasi yabwino isakhale yachilendo tsiku la ulendo. Ivaleni ola limodzi tsiku loyamba, maola awiri kapena atatu masiku otsatira, kwa sabata imodzi. Mukavula, yang'anani pomwe pafiira kapena pakutentha, chifukwa thuza lidzatulukira pomwepo. Sunthani lamba, kapena matanipo pulasitala musananyamuke m'malo modikira kuti khungu lisupuke. Kamwala kakalowa, imani mukachotse nthawi yomweyo. Koma kwa amene muli ndi matenda a shuga ndipo mapazi anayamba kuchita dzanzi, ulendo wotere ndi wa nsapato zotseka ndi masokosi, poti mukhoza kuyenda tsiku lonse ndi bala osalimva.